Kapishoni yobisa mtengo ndi yonena mtengo: yapambana ndi iti?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni kuwerenga zimene ndapezazi, chifukwa mutu wanga waima. Ndimagulitsa zikwama za amayi pa Facebook, ndipo ofuna kugula amandilembera pa WhatsApp. Sabata yatha ndinaika chithunzi chimodzimodzi kawiri, koma ndi makapishoni osiyana. Lolemba m'mawa ndinalemba kuti, "Zafika zikwama zatsopano, mitundu itatu. Inu mungasankhe uti? Tifunseni mtengo ku inibokosi." Lachinayi madzulo ndinalemba mtengo poyera, kukula kwa chikwama, kuti chili ndi zipi ziwiri, ndi mmene munthu angaitanitsire. Yoyamba ija inafikira anthu 1,900, mauthenga anabwera 41, ogula 4. Yachiwiri inafikira anthu 1,150, mauthenga 14 okha, koma ogula 6. Ndiye yapambana ndi iti pamenepa? Mwamuna wanga akuti yoyamba chifukwa foni inkangolira tsiku lonse. Ine mtima wanga uli pa yachiwiri.

Chikondi: Amayi, yoyambayo ndiye dilu. Makomenti ndi mauthenga akachuluka, Facebook imaona kuti positi ili ndi moyo ndipo imaikankhira kwa anthu ambiri. Taonani nokha, 1,900 ndi 1,150 si zofanana. Mtengo musamaulembe, munthu azibwera yekha kudzafunsa, mukatero mwamugwira.

Mayi a Tadala: Iwe Chikondi, kulira kwa foni si ndalama. Ine ndimagulitsa nsapato, ndipo ndikabisa mtengo ndimakhalira kuyankha "ndi zingati?" mpaka usiku. Ukawauza mtengo, zii, osayankhanso. Enanso amangolemba kuti "ndikuuzani", basi mpaka lero.

Madalitso: Vuto ndi chithunzi, asisi. Jambulani pamalo owala, kumbuyo kukhale koyera, ndipo mawuwo muwalembe pachithunzi penipenipo ndi zilembo zikuluzikulu. Ndikhoza kukutumizirani apu imene ndimagwiritsa ntchito.

Nachisale: Zikomo achimwene, koma chithunzi sindikufuna kuchigwira. Chinali chimodzi dala, kuti ndione ntchito ya mawu apansi pake okha.

Bambo Gondwe: Mwachita bwino kusasintha chithunzi, Mayi Nachisale. Ine ntchito yanga ndi yoyendetsa zotsatsa za mabizinesi ang'onoang'ono, ndiye ndikufunseni zinthu ziwiri ndisanayankhe. Choyamba, anthu 6 amene mukuti anagula chifukwa cha kapishoni yachiwiri, mukudziwa bwanji kuti anachokera kumeneko? Chachiwiri, Lachinayi limenelo linali pafupi ndi kutha kwa mwezi?

Nachisale: Ndinangowerenga amene analipira kuyambira Lachinayi madzulo kupita mtsogolo. Ndipo inde, linali tsiku la 28.

Bambo Gondwe: Ndiye apa sitinganene kuti yapambana ndi iti, ngakhale kuti mtima wanu mwina ukulondola. Taganizirani munthu amene anaona chikwama Lolemba, nachikonda, koma analibe ndalama. Lachinayi walandira malipiro, wachionanso, wagula. Inu mwamulemba kumbali ya kapishoni yachiwiri, pamene amene anamukopa ndi yoyamba ija, kapena malipiro ake chabe. Anthu amene anaona mapositi awiriwa ambiri ndi omwewo, chifukwa ndi otsatira tsamba lanu. Ndiye zinthu zimene zasiyana si mawu okha ayi. Tsiku lasiyana, nthawi yasiyana, m'matumba mwa anthu mwasiyana, komanso wachiwiriyo amaona chikwama chimene anachiona kale. Chilichonse mwa zimenezi chikhoza kubweretsa kusiyana kwa ogula awiri kumene mwaonako.

Palinso kachinthu kena kamene anthu ambiri amaphonya. Manambala osaphika ngati 41 ndi 14 sitiwayerekeza mwachindunji pamene anthu ofikiridwa sali ofanana. Gawani kaye. Pa anthu 100 aliwonse amene anaona yoyamba, analemba ndi awiri ndi kanthu pang'ono. Pa 100 amene anaona yachiwiri, analemba ndi mmodzi ndi kanthu. Ndiye kusiyana kulipo ndithu, koma ndi kwa kawiri, osati katatu monga zikuonekera poyamba.

Chikondi: Koma bwana, si mwavomereza kuti yoyamba inafikira anthu ambiri? Ndiye mfundo yanga ija yaima.

Bambo Gondwe: Theka lake laima. N'zoona kuti positi imene anthu akuyankhapo imaonetsedwa kwa anthu ochulukirapo, ndipo umenewo ndi mwayi weniweni wa kapishoni yofunsa funso. Koma usamale, Chikondi. Kuyambira Disembala 2017 Facebook inalengeza kuti izitsitsa mapositi opempha makomenti ndi malaiki mwa nyambo, monga aja oti "lembani INDE ngati mukuchifuna" kapena "tagani anzanu asanu". Funso lenileni ngati la Mayi Nachisale lilibe vuto, koma ukapitirira malire positi imagwa m'malo mokwera. Theka limene silinaime ndi loti kufikira anthu ambiri ndiko kupambana. Mayiwa sakugulitsa makomenti, akugulitsa zikwama.

Nachisale: Ndiye ndipange bwanji kuti ziyesedwe mwachilungamo? Ndiike onse awiri tsiku limodzi, nthawi imodzi?

Chikondi: Eya, ina pa Facebook ina pa Instagram, mphindi yomweyo. Nkhani yatha.

Mayi a Tadala: Ayi mwanawe, anthu a ku Instagram kwanga ndi atsikana achichepere, a ku Facebook ndi azimayi anzanga. Ukatero ukuyesa anthu, osati mawu.

Bambo Gondwe: Mayi a Tadala anena zoona. Ndipo kuika onse awiri patsamba limodzi nthawi imodzi nakonso sikuthandiza, chifukwa munthu mmodzi aona onse, kapena makina a Facebook asankha imodzi n'kuikwirira inzake. Chofunika ndi magulu awiri a anthu ofanana, gulu lililonse lione kapishoni imodzi yokha, pa nthawi imodzi. Pali njira ziwiri, yaulere ndi yolipira. Mayi Nachisale, muli ndi manambala angati a makasitomala pa WhatsApp amene anasunga nambala yanu?

Nachisale: Akhoza kukwana 400, akale ndi amene anangofunsapo.

Bambo Gondwe: Ndiye yaulere ikukwanirani. Pa WhatsApp pali `New broadcast`, pamene mumapanga mndandanda wa anthu n'kuwatumizira uthenga umodzi, aliyense n'kuulandira payekha ngati kuti mwamulembera iye yekha. Mndandanda umodzi umalola anthu 256. Mupange iwiri ya anthu 200. Nkhani yaikulu ili pa kagawidwe kake. Musaike makasitomala anu okhulupirika kumodzi ndi ongofunsa kwina, chifukwa mukatero mndandanda wa okhulupirikawo upambana ngakhale muwatumizire kapishoni yoipa chotani. Lembani mayina onse motsatana, woyamba apite ku A, wachiwiri ku B, wachitatu ku A, choncho mpaka kumapeto, osasankha nkhope. Mukafuna kuchita bwino koposa, yambani ndi amene anagulapo kale, muwagawe mosinthanasinthana chomwecho, kenako muchite chimodzimodzi ndi amene sanagulepo. Mukatero mbali iliyonse ikhala ndi ogula akale ofanana chiwerengero.

Tumizani mauthenga awiriwo motsatizana, mphindi zochepa pakati. Dziwaninso kuti uthenga wotere umangofika kwa amene anasunga nambala yanu, ndiye pa 200 si onse amene alandire. Tsegulani zambiri za uthengawo muone kuti wafika kwa angati, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho mugawire, osati 200.

Ubwino wake ndi woti funso langa loyamba lija limatha lokha. Aliyense amene wayankha mukumudziwa kuti ali mumndandanda uti. Ngati muli ndi WhatsApp Business, muikeni chizindikiro cha A kapena B, ndipo akalipira muonjezere china.

Madalitso: Nanga ife amene timadalira sitetasi? Ineyo makasitomala anga onse amaonera pa sitetasi.

Bambo Gondwe: Pa sitetasi n'zovutirapo, achimwene. Imakhala maola 24, ndipo mukaika ziwiri motsatana, yoyamba imaonedwa ndi anthu ambiri kuposa yachiwiri chifukwa ena amatulukira panjira. Komanso amene anazimitsa timizere tobiriwira tija saoneka pa chiwerengero cha oonera. Mukhoza kusankha anthu oti aone sitetasi pogwiritsa ntchito `Only share with`, gulu lina lione iyi, lina lione iyo, koma ndi ntchito yotopetsa kusankha anthu mazana pamanja. Ngati simungathe, sinthanitsani masiku: sabata ino A Lolemba ndi B Lachinayi, sabata yamawa B Lolemba ndi A Lachinayi, ola lomwelo. Sizichotsa vuto la munthu woona zonse ziwiri, koma zimachepetsa la tsiku.

Nabanda: Pepani kulowerera. Ine ndinaphunzira kuti poyesa zinthu umasintha chinthu chimodzi chokha. Makapishoni a Nachisale asiyana paliponse: ina ili ndi funso, ina ilibe, ina ndi yaifupi, ina yaitali, ina ili ndi mtengo. Ndiye ikapambana yachiwiri, tidzati wapambanitsa ndi mtengo kapena zipi ziwiri zija?

Bambo Gondwe: Simudzadziwa, achemwali, ndipo pamenepo mwalasa. Koma zimatengera chimene munthu akufuna kudziwa. Ngati funso ndi loti "ndizigwiritsa ntchito iti mwa ziwirizi", palibe vuto kuti zisiyane kwambiri. Ndipotu kwa wamalonda wamng'ono n'kwabwino kuyamba ndi zosiyana kwambiri, chifukwa kusiyana kwakukulu n'kumene kungaonekere pa anthu ochepa. Ukasintha liwu limodzi lokha, kapena kachithunzi kakumwetulira kumapeto, pa anthu 200 sudzaona kanthu. Koma ngati funso ndi loti "kodi kulemba mtengo kumathandiza", ndiye inde, mawu onse akhale ofanana, mzere wa mtengo wokha ndiwo usinthe.

Nachisale: Ine funso langa ndi la mtengolo. Ndi limene timakangana kunyumba kuno.

Bambo Gondwe: Ndiye lembani kapishoni imodzi yabwino, ya kukula ndi zipi ndi mitundu. Ku A ithere ndi "tifunseni mtengo", ku B ithere ndi mtengowo. Zina zonse zofanana. Ndipo musanatumize, lembani papepala zinthu ziwiri: chimene mukuwerenga ngati kupambana, ndi tsiku lotsekera kuwerenga. Ine ndingati ogula amene alipira mkati mwa masiku 7. Wolonjeza sawerengedwa. Mukapanda kulemba zimenezi poyamba, tsiku lachiwiri mudzaona mbali imene mumaikonda ili patsogolo n'kunena kuti basi zatha.

Mayi a Tadala: Ndifunse za njira yolipira ija, chifukwa ine ndinayesapo. Ndinapanga zotsatsa ziwiri pamodzi, mawu osiyana. Patapita masiku atatu ndinapeza kuti pafupifupi ndalama zonse zathera pa imodzi, inayo yaonedwa ndi anthu ochepa kwambiri. Ndinangoti ndiye kuti yadya ndalamayo ndi imene ili bwino.

Bambo Gondwe: Zimenezo zimachitika mukaika zotsatsa ziwiri m'gulu limodzi la zotsatsa, limene Facebook imalitchula `Ad set`. Makinawo sanapangidwe kuti agawe mofanana. Amayang'ana imene yayamba kubweretsa zotsatira m'maola oyambirira n'kuyamba kuithira ndalama, ndipo inzakeyo siipatsidwanso mpata wokwanira. Nthawi zina amalondola, nthawi zina yatsogola mwamwayi chabe. Kuti muyese mwachilungamo, mu Ads Manager, pamene mumayendetsera zotsatsa zolipira za Facebook, muli `A/B test`. Imeneyo imagawa anthu m'magulu awiri osalowererana, ndalama n'kugawidwa mofanana, ndipo munthu mmodzi saona zonse ziwiri. Eni ake amalangiza kuti iyende masiku osachepera 7, kuti masiku onse a sabata alowemo. Ikamayenda musakhudze mawu, chithunzi kapena anthu amene mukuwafuna, chifukwa kusintha kotero kumachititsa makina kuyambiranso kuphunzira.

Koma pali msampha umene ukukhudza nkhani ya Mayi Nachisale mwachindunji. Ngati chotsatsa chanu ndi chotumiza anthu ku WhatsApp kapena ku Messenger, chimene makinawo amawerenga ngati zotsatira ndi macheza amene ayambika. Malonda amene mwamaliza pakamwa kapena munthu atabwera kudzatenga katundu, iwo sawaona pokhapokha mutawalumikiza mwapadera. Ndiye pamapeto adzakuuzani mokondwa kuti yapambana ndi kapishoni yobisa mtengo, chifukwa ndi imene yabweretsa mauthenga otsika mtengo. Sananame, koma ayankha funso limene inu simunafunse. Ogula muyenera kuwawerenga nokha.

Mayi a Tadala: Ndiwawerenga bwanji poti onse amangofika ndi "moni, ndikufuna nsapato"?

Bambo Gondwe: Apatseni mawu oyambira osiyana. Pa chotsatsa cholipira pali malo olembapo uthenga umene munthu amaupeza utalembedwa kale akadina. Pa positi wamba mukhoza kuchita chimodzimodzi ndi linki ya WhatsApp:

```
https://wa.me/NAMBALA?text=Moni%2C%20ndikufuna%20nsapato
https://wa.me/NAMBALA?text=Moni%2C%20ndaona%20nsapato
```

Pamene palembedwa NAMBALA muikepo nambala yanu yonse yoyamba ndi khodi ya dziko, popanda chizindikiro chophatikizira, popanda ziro woyambirira. Linki yoyamba ipite mu kapishoni A, yachiwiri mu B. Wofika ndi "ndikufuna" ndi wa A, wofika ndi "ndaona" ndi wa B, ndipo kasitomala sazindikira n'komwe kuti akuwerengedwa. Ena amafufuta n'kulemba zawo, ena amakuimbirani foni osadina linki. Oterowo afunseni kuti anaona pati, ndipo akapanda kukumbukira alembeni pambali, musawakankhire ku mbali imene mukuifunira zabwino. Amene ali ndi webusayiti amachita zomwezi poonjezera `?utm_content=a` kumapeto kwa linki ya A ndi `?utm_content=b` kumapeto kwa linki ya B.

Chikondi: Zonsezi chifukwa cha kapishoni basi? Anthu akuluakulu inu mumakonda kuvutikatu 😂

Nachisale: Ndabweranso, abale. Ndinachita monga ananenera Bambo Gondwe, mindandanda iwiri, chikwama china chatsopano, mawu ofanana kupatula mzere wa mtengo. Uthenga unafika kwa anthu 171 ku A ndi 168 ku B. Masiku 7 atha dzulo. Ku A, yobisa mtengo, anayankha 38, analipira 5. Ku B, yonena mtengo, anayankha 15, analipira 8. Tsopano ndinene kuti B yapambana eti?

Mayi a Tadala: Yapambana kumene! Ndinanena ine.

Aphunzitsi Mbewe: Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, koma apa pafika pa ntchito yanga ya masamu. Mayi Nachisale, kayesedwe kanu tsopano kali bwino, magulu ndi ofanana. Chatsala n'kufunsa ngati 8 ndi 5 ndi kusiyana kwenikweni kapena ndi mwayi. Tiyerekeze kuti makapishoni awiriwa ali ndi mphamvu yofanana ndendende. Ndiye kuti wogula aliyense akanatha kuchokera ku A kapena ku B, monga ndalama yachitsulo ukaiponya m'mwamba. Ogula onse ndi 13. Ponyani ndalama ka 13 muone. Kupeza 8 mbali ina ndi 5 mbali ina n'chinthu wamba, ndipo kusiyana kotere kapena koposa pamenepa kumachitika nthawi zoposa theka. Ndiye manambalawa paokha sakutiuza zambiri.

Pali kamuyezo kachidule kamene mungagwiritse ntchito magulu akakhala ofanana kukula. Phatikizani manambala awiriwo, pezani sikweya ruti yake pa kakyuleta ya pafoni, muchulukitse kawiri:

```
2 × √(A + B)
```

Kusiyana kwa A ndi B kukaposa yankho limenelo, mukhoza kuyamba kukhulupirira. Tiyese pa oyankha. 38 ndi 15 ndi 53, ruti yake ndi 7.3, kawiri ndi 14.6. Kusiyana kwawo ndi 23, kwaposa bwinobwino. Ndiye zoti kubisa mtengo kumabweretsa mayankho ambiri, zimenezo mwazitsimikiza pa anthu anu. Tsopano pa ogula. 8 ndi 5 ndi 13, ruti yake ndi 3.6, kawiri ndi 7.2. Kusiyana kwawo ndi 3 yekha. Sikunafike ngakhale theka la muyezo.

Nachisale: Aphunzitsi, mwandifooketsatu. Ndiye ntchito yonse ija yapita pachabe?

Aphunzitsi Mbewe: Ayi amayi. Funso limodzi layankhidwa, linalo likufuna nthawi. Mayankho amabwera ambiri, ndiye amaonetsa msanga. Ogula amabwera ochepa, ndiye amachedwa kuonetsa. Tiyerekeze kuti mwabwereza ndi zikwama zina ndipo zikungotuluka 8 ndi 5 nthawi zonse. Mukabwereza kanayi muli ndi 32 ndi 20. Pamodzi ndi 52, muyezo ndi 14.4, kusiyana ndi 12, simunafikebe. Mukabwereza ka 6 muli ndi 48 ndi 30. Pamodzi ndi 78, muyezo ndi 17.7, kusiyana ndi 18, mwangodutsa kumene. Ndiye ngati B ilidi yamphamvu chonchi, mufunika ogula pafupifupi 80 onse pamodzi kuti muone bwino. Ikakhala kuti imangoposa pang'ono, mufunika ambiri kuposa apo.

Nabanda: Ogula 80? Kwa ena a ife chimenecho ndi chaka chathunthu, aphunzitsi. Ndiye kuyesaku ndi kwa makampani akuluakulu okha.

Bambo Gondwe: Masamu a aphunzitsi sindingawatsutse, koma wamalonda sadikira kutsimikiza ngati wolemba lipoti. Sabata yamawa Mayi Nachisale ayenera kutumiza kapishoni ina, ndipo ayenera kusankha imodzi. Ndiye tione zimene tili nazo. Pa ogula, B sinatsimikizike kuti ili patsogolo, koma palibenso chosonyeza kuti ili kumbuyo. Pa ntchito, kusiyana n'koonekeratu. Ku A anayankha anthu 38 kuti apeze ogula 5, ndiye kuti pafupifupi macheza 8 pa wogula mmodzi. Ku B macheza 15 abala ogula 8, macheza awiri pa wogula mmodzi. Mayi Nachisale, mumayankha nokha mauthengawa?

Nachisale: Ndekha, ndipo masana ndimakhala kuntchito ina. Tsiku loyamba a ku A ena ndinawayankha patapita maola anayi kapena asanu.

Bambo Gondwe: Ahaa, chimenechonso chilowe m'nkhani. Munthu amene wafunsa mtengo n'kudikira maola asanu, mtima wake wazizira, kapena wagula kwina. Ndiye mwina A sinagonje chifukwa cha mawu, koma chifukwa imafuna munthu wokhala pafoni nthawi zonse. Kwa inu zimenezo sizisintha chisankho, chifukwa munthu woteroyo mulibe. Koma kwa wina amene ali ndi womuthandiza kuyankha mwachangu, zotsatira zikhoza kutembenuka.

Chikondi: Ndi zimene ndimanenatu ine! Anthu 38 amene alemba aja si otayika. Ukamacheza nawo umadziwa zimene akufuna, wina umamugulitsa chikwama china chotsikirapo mtengo, wina amabwera mwezi wamawa. Ku B amene waona mtengo n'kuchita mantha wangodutsa mwakachetechete, sudzamudziwa n'komwe.

Aphunzitsi Mbewe: Apa Chikondi wanena chinthu chimene masiku 7 aja sangachione. Ngati a ku A amagula mochedwa, muyezo wa sabata imodzi umawapondereza. Mayi Nachisale, musafufute zizindikiro zija. Pakatha mwezi muwerengenso kuti mwa anthu 33 a ku A amene anafunsa osagula, ndi angati amene agula chilichonse. Koma muwerengenso a ku B chimodzimodzi, ndipo mbali zonse ziwiri muwerenge oyankha ndi osayankha omwe, apo ayi mukondera.

Mayi a Tadala: Ine sindikuvomereza zoti wofunsa mtengo ndi kasitomala wamawa. Mwa anthu anga, amene amafunsa n'kusowa ndi omwewo mwezi ndi mwezi, ndimawadziwa ndi mayina. Ndipo ena amakwiya ukabisa mtengo, amaganiza kuti umatchula mtengo poona nkhope.

Chikondi: Nsapato ndi zikwama n'zosiyana amayi. Komanso katundu wodula kwambiri ukalemba mtengo poyera anthu amathawa usanawafotokozere ubwino wake.

Bambo Gondwe: Zimenezo n'zotheka, ndipo n'chifukwa chake zotsatira za Mayi Nachisale sindingazitenge n'kukaikira wogulitsa mipando kapena wosoka zovala, amene mtengo wake umadalira muyezo wa munthu. Ngakhale kwa iwo eni, mindandanda ija ndi ya anthu owadziwa kale. Alendo a pa Facebook amene sanamvepo dzina lawo akhoza kuchita mosiyana.

Nachisale: Ndiye ulendo wachiwiri nditumize chimodzimodzi, A kwa a A, B kwa a B?

Bambo Gondwe: Sinthanitsani. Amene analandira yobisa mtengo alandire yonena mtengo, enawo alandire yobisa. Ngakhale munagawa mosasankha, zikhoza kuchitika kuti mndandanda umodzi unagwera anthu atatu kapena anayi okonda kugula, ndipo pa manambala ang'onoang'ono ngati awa anthu atatu ndi ambiri. Mukasinthanitsa, ngati ogula atsatira kapishoni, ndiye kuti ndi mawu. Ngati atsalira pa mndandanda womwewo, ndiye kuti ndi anthu. Polemba m'buku muziphatikiza potsata kapishoni, osati potsata mndandanda. Ndipo musamatumize pafupipafupi, chifukwa anthu akatopa ndi mauthenga amakutsekani, ndiye magulu anu amayamba kuchepa mosafanana.

Aphunzitsi Mbewe: Muonjezerenso danga la phindu m'bukumo. Ogula 8 amene ananenerera mpaka mwawatsitsira akhoza kusiya ndalama zochepa kuposa 5 amene analipira mtengo wonse.

Nachisale: Pamenepo ndiye zinali mosemphana, aphunzitsi. Onenerera anali a ku A, atatu mwa asanu aja ndinawatsitsira. A ku B analipira monga ndinalembera, kupatula mmodzi.

Madalitso: Nanga mtengowo ukhale poyamba kapena pamapeto pa kapishoni? Chifukwa pa Facebook ndi pa Instagram mawu akatalika amadulidwa pakangotha mizere yochepa, munthu mpaka adine `See more` kapena `more`. Ukauika pansi, ambiri sauona n'komwe, ndiye B yako yasanduka A osadziwa.

Bambo Gondwe: Apa mwanena zenizeni, achimwene. Mukamayesa pa tsamba, onani positiyo pafoni musanayambe kuwerenga, mutsimikize kuti mzere umene mukuyesawo ukuoneka popanda kudina. Koma Mayi Nachisale asaphatikize zimenezi mu ulendo wachiwiriwu. Mtengo ukhale pomwe unali.

Nachisale: Chabwino. Katundu wina akufika pakati pa mwezi, ndidzatumiza nditasinthanitsa mindandanda, Loweruka m'mawa pamene ndimakhala ndi foni m'manja tsiku lonse, kuti a kapishoni yobisa mtengo ayankhidwe msanga. Pa Facebook pakadali pano ndizilemba mtengo.

Chikondi: Mudzatiuze za Lowerukalo, amayi. Ndikubetcha kuti mukawayankha mkati mwa mphindi khumi, yobisa mtengo ifika pa 8 nayonso.